Mitolo ya Khumikhumi

M'chaka cha 1994 boma lidalamula kuti maphunziro a pulayimale akhale aulere, ndipo chiwerengero cha ana asukulu chidalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Zipangizo zophunzirira sizidachuluke chimodzimodzi. Poona izi, a Malawi Institute of Education ku Domasi adalimbikitsa njira ya TALULAR, yoti mphunzitsi azipanga yekha zipangizo ndi zinthu zopezeka pamudzi. Ine ndidaiona bwino njirayi patchuthi chapitachi kwathu ku Chitipa, pamene ndimathandiza azakhali anga amene amaphunzitsa Sitandade 2.

Kalasi lawo lili ndi ana 80, amene amakhala m'magulu 8. Gulu lililonse limafuna timitengo 100 ndi zitsekerero za mabotolo 50, choncho tidafunika timitengo 800 ndi zitsekerero 400. Zitsekerero tidatola pamsika tsiku la msika litatha, n'kuzitsuka ndi sopo. Timitengo tidasema ku nsungwi za denga lakale, tonse kutalika kofanana ndi cholembera. Tidamanga khumikhumi ndi mphira zodula ku chubu chakutha cha njinga. Azakhali adandiuza kuti, "Mphwanga, uwerenge mtolo uliwonse kawiri. Mtolo wa timitengo 9 umaphunzitsa ana bodza chaka chonse."

Mwana asanawerenge amayamba waphunzira kusankhula. Timakhuthula zitsekerero pathumba, ana n'kupatula zachitsulo ndi zapulasitiki. Kenaka zapulasitikizo amazipatulanso potsata mtundu: zofiira kwazokha, zobiriwira kwazokha. Akafola mizere iwiri, chimodzi moyang'anana ndi chinzake, amaona okha mzere wochuluka. Kwathu kuno izi zimathandiza kwambiri chifukwa ana ambiri pakhomo amalankhula Chilambya, Chindali kapena Chisukwa, ndipo chilankhulo cha m'buku chimawavuta. Koma mulu wa zitsekerero mwana aliyense amaumva.

Ntchito yeniyeni ya mitolo ndidaiona pa masamu ochotsera. Titenge 32 kuchotsapo 17. Ana ambiri adalemba 25. Yankho limeneli likaoneka, mphunzitsi amadziwa pamene pagona vuto: mwanayo wapeza kuti 7 sangachoke pa 2, ndiye watembenuza n'kuchotsa 2 pa 7. Azakhali sadakalipe. Adauza gulu lina kuti liyale mitolo itatu ndi timitengo tiwiri, n'kupempha kuti awapatse timitengo 7. Ana adayang'anana mpaka kamtsikana kena kadamasula mphira ya mtolo umodzi. Pansi padakhala mitolo iwiri ndi timitengo 12. Atachotsa 7 padatsala 5, atachotsanso mtolo umodzi padatsala umodzi. Yankho lidapezeka 15. Kubwereka kumene timaloweza pamtima kuja, tanthauzo lake ndi kumasula mtolo basi.

Tidapanganso abakasi. Pathabwa timaimika mawaya atatu, wa amodziamodzi, wa makumi ndi wa mazana, ndipo zitsekerero timaziboola pakati ndi msomali. Chinsinsi chake n'choti waya aliyense adulidwe pamsinkhu wokwana zitsekerero 9 zokha. Cha khumi chikalephera kulowa, mwana amachotsa zonse n'kuika chimodzi pawaya wa makumi. Komabe abakasi sayenera kubwera msanga. Pamtolo mwana amaona timitengo khumi ndi maso, pamene pawaya ayenera kungovomereza kuti chitsekerero chimodzi chikuimira khumi. Amene akuwerenga zitsekerero zitatu za pa makumi ndi ziwiri za pa amodziamodzi n'kunena kuti 5, abwerere kaye ku mitolo.

Zipangizozi zili ndi adani ake. Nyengo ya mvula zitsekerero zachitsulo zimachita dzimbiri ndipo zingathe kucheka mwana, choncho zapulasitiki ndiye zabwino. Chiswe chimadya timitengo tikasiyidwa pansi, n'chifukwa chake timatisunga m'zitini zopachika kudenga. Mphira imauma n'kuduka ikakhalitsa padzuwa. Nyemba ndi chimanga zimafumbwa, komanso ana aang'ono amaziika m'mphuno. Lachisanu lililonse mtsogoleri wa gulu amawerenga katundu wake asanabweze.

Anzanga a kuseminale, zitsekerero zimene timasesera kudzala pambuyo pa chikondwerero zikhoza kukwanira gulu limodzi kapena awiri. Inu makolo, mwana akabwera ndi 25 m'malo mwa 15, musathamangire kumunena kuti ndi mbuli. Mupatseni mitolo itatu ndi timitengo tiwiri, mumupemphe 7, ndipo mudikire osamuuza chochita.