Tsiku la chiperoni pa Chitakale

M'mwezi wa Julayi, pa Chitakale kumacha mwaulesi. Nthawi imakwana sikisi koloko phiri la Mulanje lisakuoneka, ngakhale lili pafupi pomwepo. Nkhungu yalikuta lonse, ndipo mvula ya mawawa ikuwaza mosalekeza. Apa m'pamene msewu wopita ku Likhubula ndi ku Phalombe umapatukira kuchoka pa msewu waukulu wa Limbe ndi Muloza, choncho anthu a mbali zonse za phirili amakumana pano. Munthu safunika kufunsa kumene wina wachokera. Maminibasi ochokera ku Muloza amafika ali chonyowa, matope ofiira m'matayala, okwera atavala majuzi ndi mapepala a pulasitiki kumutu. Galimoto yochokera ku Phalombe imafika ili mbuu ndi fumbi, ndipo okwera amatsika akudandaula kuti kuno kwazizira bwanji.

Pakati pa otsikawo pali mayi wina wa matemba a ku nyanja ya Chilwa. Asanayale n'komwe, wayamba kulimbana ndi pepala lofunditsa dengu lake, chifukwa matemba akangokoka chinyezi amafewa ndipo ogula amawanyoza.

“Kwathu dzuwa lili phwee, achimwene,” akuuza mnyamata wogulitsa chinanazi pambali pake. “Chiperoni chanuchi chikundionongera malonda.”

“Pepani mayi, koma popanda chimenechi ife tiyi ndi chinanazi tikanazitenga kuti?”

Onse awiri akunena zoona, ndipo mphepo imene akukambayo ndi imodzi. Imachokera kum'mwera chakum'mawa, ku nyanja yamchere ya India, n'kudutsa dziko la Mozambique itasenza nthunzi yamadzi yosaoneka ndi maso. Ikafika pa Mulanje imapeza khoma la mwala lotalika, lomwe nsonga yake ya Sapitwa imafika mamita 3,002. Polephera kuboola, imakwera.

Chimene chimachitika ikamakwera chikuoneka bwino pansi pa mtengo wina kuseri kwa msika, pamene bambo wokonza njinga wakhazika ntchito yake. Bamboyu ndi woti ungamuonerere mpaka kuiwala chimene unadzera. Ali ndi beseni la madzi akuda lofufuzira pobooka, kachitini ka guluu, ndi machubu akale amene amadulako zigamba. Sathamanga, ngakhale anyamata a kabaza atamuunjirira. Amamiza chubu m'madzi pang'onopang'ono, n'kudikira thovu, n'kulasa kachitsotso pamene pabooka. Akamata, amaumitsa chigamba ndi mpweya wa m'kamwa, kwinaku akudzudzula mwini njinga chifukwa chonyamula matumba atatu a makala pa tayala lotha kale. Mtengo wa chubu chatsopano akuti wafika poti munthu amalolera zigamba khumi, ndipo iye sakudandaula nazo.

Akamaliza kupopa, gwirani pampu yake kumunsi: yatentha. Mpweya ukapanikizidwa umatentha. Akatsegula valavu kuti aphwetse tayala, mpweya wotulukawo umazizira pa chala, chifukwa ukufutukuka. Phiri limachita zomwezo ndi mphepo. Kumwamba mpweya wopsinja kuchokera pamwamba ndi wochepa, choncho mphepo yokwera imafutukuka n'kuzizira, pafupifupi digiri imodzi pa mamita 100 alionse. Mpweya wozizira susunga nthunzi yambiri. Ikafika poti yakhuta, nthunzi ija imasanduka timadontho, ndiye nkhungu ndi mawawa zimene zikusautsa mayi wa matemba.

Tiyeni tiitsatire mphepoyo ndi manambala ongoyerekeza. Inyamuke m'minda ya tiyi, pamtunda wa mamita 700, ili pa madigiri 20. Ikakwera mamita 500 yatsika kufika pa 15, ndipo tinene kuti mtambo wayambira pamenepo. Kuchokera apa sizizira msanga ngati poyamba, chifukwa nthunzi ikamasanduka madzi imatulutsa kutentha kumene inatenga pouluka kunyanja. Tsopano imataya madigiri 6 okha pa mamita 1,000. Ikafika pamwamba pa mamita 2,200 ili pa madigiri 9, ndipo madzi ambiri yawasiya m'mbuyo, m'mitsinje ya Ruo ndi Lichenya. Potsikira ku chigwa cha Phalombe imapanikizika n'kutentha. Timadontho totsala timauma msanga, ndipo ulendo wonse wa mamita 1,500 imatentha digiri imodzi pa mamita 100. Imafika pansi ili cha pa madigiri 24, yofunda kuposa mmene inanyamukira, komanso youma. M'malo mogwetsa mvula imayamba kuyamwa chinyezi m'nthaka ndi m'masamba. Akatswiri a zanyengo amati dera lotere lili mu mthunzi wa mvula.

N'chifukwa chake cha ku Lujeri ndi ku Ruo mvula imatha kupitirira mamilimita 2,000 pa chaka, pamene mbali zambiri za chigwa cha Phalombe sizifika 1,000. Azungu amene anayamba kudzala tiyi kuno m'zaka za m'ma 1890 anasankha mbali yoyang'ana mphepo, chifukwa tiyi safuna chilimwe chouma gwaa. Mbali inayo inatsalira nandolo, mapira ndi mpendadzuwa, mbewu zopirira ludzu.

Masana palibe zambiri. Chipisi chikukazingidwa, oitanira minibasi akukanganirana munthu mmodzi, mawawa aleka n'kuyambiranso.

Cha m'ma 3 koloko nkhungu yang'ambika pang'ono, ndipo nsonga ya Chambe yatulukira. Mtambo wakhala pamwamba pa phiri osasuntha, ngakhale mphepo ikuomba ndithu. Kunena zoona, si mtambo umodzi umene wakhala pamenepo tsiku lonse. Ukubadwa kosalekeza mbali imene mpweya ukukwera, n'kumasungunuka mbali imene ukutsika. Amene akupita ku Phalombe amauona m'mphepete mwake mutadukiratu, kutsogolo kuli thambo loyera.

Koma mthunzi wa mvula uja uli ndi malire, ndipo anthu a ku Phalombe amawadziwa mowawa. Umagwira ntchito pamene mphepo ikuchokera mbali yake ya masiku onse. M'dzinja mvula ya mabingu imabadwira paliponse pamene nthaka yatentha, ndipo namondwe amatha kubweretsa chinyezi kuchokera mbali ina, phiri n'kusintha mbali yonyowa. Komanso madzi ogwa pamwamba amatsikira mbali zonse. Mu Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi ndi anthu ambiri pa Phalombe, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anasakaza maboma onse awiri a Mulanje ndi Phalombe. Dera louma limatha kumira ndi mvula imene sinagwe pa denga pake.

Apa m'pamene matumba a makala odutsa pa Chitakale madzulo amandidetsa nkhawa. Kudzala mitengo sikungasamutse mthunzi wa mvula, pakuti umenewo ndi wa mwala ndi mphepo. Koma nkhalango za pamwamba, kuphatikizapo mkungudza wa Mulanje umene watsala pang'ono kutheratu, ndi zimene zimakola nkhungu ndi kugwira madzi kuti azitsika pang'onopang'ono chaka chonse. Zikatha, wovutika kwambiri ndi wa mbali youma, amene m'chilimwe amadalira mitsinje yochokera m'phiri osati mitambo. Alangizi amene amapereka uphungu umodzi wa mbewu ndi nthawi yodzalira kwa alimi a mbali zonse ziwiri akanayamba aima pa mphambano ino n'kuyang'ana matayala a magalimoto.

Kukamada, mayi wa matemba watsitsa mtengo kuti asabwerere ndi katundu wofewa. Wagula zinanazi ziwiri kwa mnyamata uja atanenerera mpaka kumutopetsa, poti kwawo chinanazi sichichita bwino ndipo adzukulu anamutuma. Kondakitala wa ku Phalombe akumuuza kuti dengu lilipira mpando wake, ndipo mkangano wa zimenezo ukupitirira galimoto itanyamuka kale.