Kusintha mawu ndi manambala mu kolamu imodzi popanda kuononga mafomula

Lamulo la `Find and Replace` mu Excel silitsata zimene maso akuona pa sikirini. Limayang'ana zimene zinalembedwa m'kati mwa selo. Selo ikhoza kumaonetsa 45,000 pamene m'kati mwake muli `=C7*D7`, ndipo makina akamasaka choti asinthe amawerenga fomulayo, osati yankho lake. Bokosi lomwe limatseguka ndi `Ctrl+H` limanena zimenezi poyera: mukadina `Options`, pamalo olembedwa `Look in` pamapezeka `Formulas` basi. Kusankha `Values` kumatheka kumbali yosaka yokha, kosintha kulibe. Choncho mlembi amene akufuna kuteteza mafomula alibe batani lowazimitsira. Chomwe angachite ndi kuchepetsa malo amene makina akuloledwa kugwira.

Tiyerekeze kuti pa depo ina pali fayilo yogulira chimanga. Kolamu B ili ndi mtundu wa mbewu, C makilogalamu, D mtengo wa kilogalamu imodzi, ndipo E ikuchulukitsa ziwirizo. Malekodi ayambira pa mzere 2 mpaka 500, ndipo ndalama zonse zikuphatikizidwa mu selo G1:

```
=SUM(E2:E500)
```

Ndiye kwabwera uthenga woti mtengo unalembedwa 500 uja unayenera kukhala 450. Mlembi wachangu atsegula bokosi, alemba 500 pamwamba, 450 pansi, nkudina `Replace All` atangosankha selo imodzi. Selo imodzi ikakhala yosankhidwa, Excel imamva kuti ntchitoyo ndi ya shiti yonse. Mitengo isinthadi, koma mlimi amene anabweretsa makilogalamu 500 alembedwa 450, wa 1500 alembedwa 1450, popeza makina amasintha ngakhale chidutswa cha nambala. Fomula ya pa mzere womaliza, `=C500*D500`, isanduka `=C450*D450`, kutanthauza kuti mlimi wa pamenepo awerengeredwa ndalama za mnzake. Choopsa kwambiri chili mu G1, momwe tsopano mwalembedwa `=SUM(E2:E450)`. Mizere 50 yatuluka m'chiphatikizo, ndipo yankho likutulukabe, chifukwa fomulayo ikadali yomveka kwa makina. Ndalama zatsika, ndipo zimayembekezekanso kutsika popeza mtengo watsitsidwa, ndiye palibe amene angadabwe mpaka tsiku lolipira alimi.

Mpanda woyamba ndi kusankha malo musanatsegule bokosi. Kudina chilembo D pamwamba pa kolamu, kapena `Ctrl+Space` muli mu kolamuyo, kumasankha kolamu yonse, ndipo `Replace All` imathera momwemo. Ambiri amanyengedwa ndi malo olembedwa `Search`, pomwe pali `By Rows` ndi `By Columns`, poganiza kuti chachiwiricho chimatsekera ntchito mu kolamu. Sichitero ayi: chimangonena njira yomwe makina ayende posaka, chopingasa kapena chotsika.

Pofunika kuyang'anitsitsa ndi pa `Within`. Payenera kukhala `Sheet`. Pakakhala `Workbook`, kolamu yomwe yasankhidwa ija siwerengedwa, makina amalowa m'mashiti onse a fayiloyo. Vuto lake nlakuti Excel imakumbukira zomwe zinasankhidwa komaliza kufikira itatsekedwa, moti amene anasaka dzina m'fayilo yonse m'mawa akhoza kupeza `Workbook` ikadali pomwepo masana, komanso itabisika ngati `Options` yapindidwa. Palinso msampha wa mashiti omangidwa pamodzi. Munthu akadina mayina a mashiti angapo atagwira `Ctrl` kapena `Shift`, pamwamba pa windo pamaoneka mawu akuti `Group`, ndipo kusinthako kumagwira mashiti onsewo ngakhale `Within` ikunena `Sheet`. Amamasulidwa podina dzina la shiti ndi batani lakumanja la mausi nkusankha `Ungroup Sheets`.

Mpanda wachiwiri ndi kuchonga `Match entire cell contents`. Apa makina amasintha selo yokhayo imene zonse za m'kati mwake ndi 500, osaonjezera kanthu. Nambala ya 1500 imapulumuka, chimodzimodzinso fomula iliyonse, popeza fomula imayamba ndi `=` ndipo singafanane ndi 500 yekha. Posintha manambala kapena mawu aafupi, bokosi limeneli ndi loyenera kuchongedwa nthawi zonse. Koma siligwira ntchito pomwe chofunika kusintha ndi chidutswa chabe cha zomwe zili mu selo, monga dzina la depo lomwe lili pakati pa mawu ena.

Pamenepo mpamene pamafunika njira yachitatu, makamaka ngati kolamu yomweyo yasakaniza zolembedwa pamanja ndi mafomula. Mu kolamu D mukhoza kukhala mizere ina ya chimanga chosauma bwino, yomwe mtengo wake ndi `=500*0.9`, kapena yotenga mtengo ku selo ina. Mlembi amasankha kolamuyo, kudina `F5`, kenako `Special`, nkusankha `Constants`. Excel imasiya maselo onse a mafomula, nkusankha okhawo olembedwa pamanja. Osadina pena paliponse, amatsegula `Ctrl+H` nkusintha. Mafomula otsalawo amaunikidwa payekhapayekha, chifukwa 500 wa mu `=500*0.9` ndi mtengo womwewo ndipo akuyeneranso kusintha, pomwe 500 wa mu `=C500*D500` ndi nambala ya mzere. Makina sangasiyanitse ziwirizi.

Musanadine `Replace All`, dinani `Find All`. Pansi pa bokosi pamatuluka mndandanda wa selo iliyonse yomwe yapezeka, woonetsa shiti, malo ake, zomwe ikuonetsa ndi fomula yake ngati ilipo. Ngati mbali ya `Formula` ili ndi zolembedwa, kapena pakuoneka selo yomwe si ya kolamu D, ndiye kuti mpanda wina watseguka. Mukatha kusintha, Excel imanena chiwerengero cha zomwe yasintha. Ngati mumayembekeza mizere 120 koma yanena 160, dinani `Ctrl+Z` nthawi yomweyo, zonse zibwerera kamodzi. Fayilo ikatsekedwa, mwayi umenewu watha, nchifukwa chake alembi ozolowera amayamba asunga kope lina. Nyenyezi `*` ndi chizindikiro cha funso `?` ndi zoti musamale nazo: nyenyezi imaimira zilembo zilizonse, moti kuisintha ndi kanthu kena kumafafaniza selo iliyonse yolembedwa, mafomula omwe. Pofuna nyenyezi yeniyeni mumalemba `~*`.

Fomula ikhozanso kusokonekera osakhudzidwa konse. Ngati mu selo ina ya shiti yomweyo muli `=SUMIF(B:B,"Chimanga",E:E)` kapena inzake yotere, ndipo mawu a mu kolamu B asinthidwa kukhala "Chimanga choyera", fomulayo ipitiriza kusaka dzina lakale nkupereka 0. Mukasintha mawu, sakaninso dzina lakalelo m'fayilo yonse ndi `Ctrl+F`, `Look in` ili pa `Formulas`, kuti muone amene akulidalirabe.

Google Sheets inakonza nkhaniyi mwina. Bokosi lake, lomwe limatsegukanso ndi `Ctrl+H`, lili ndi `All sheets`, `This sheet` ndi `Specific range`, pomwe mungalembe `D2:D500`. Mafomula sawagwira pokhapokha mutachonga `Also search within formulas`. Chofunika kusamala kumeneko ndi chakuti mukalitsegula mutasankha selo imodzi, limayambira pa `All sheets`. Mu LibreOffice Calc, kusankha kolamu kumayendera limodzi ndi bokosi la `Current selection only`, lomwe lili pansi pa `Other options`, ndipo ndi bwino kuona kuti ndi lochongedwa musanasinthe.