Lipoti la kalembera pa bolodi ya sukulu, Lolemba mpaka Lachisanu

Anzanga aphunzitsi, lipoti la kalembera wa 2018 limene anatulutsa a National Statistical Office ku Zomba ndi lalitali, ndipo mwana wa Fomu 2 sangalimalize. Komatu za chiwerengero cha anthu zimabwera pa mayeso a Jogalafe. Ine kuno ku Mtengowanthenga ndimaligawa pasanu: tsiku lililonse chithunzi chimodzi pa bolodi ya zidziwitso, pansi pake mawu osapitirira mizere iwiri.

Lamulo langa ndi lakuti mawu a tsiku lililonse azimveka paokha, chifukwa mwana amene wajomba Lolemba adzawerenga a Lachiwiri okha. Choncho paliponse ndimaika nambala imodzi ndi chaka chake, ndipo m'munsi ndimalemba kuti zachokera mu kalembera.

Lolemba ndimapachika mapu a dziko lino: "Mu 2018 m'Malawi munali anthu 17,563,749." Lachiwiri ndimabwera kwathu ndi chithunzi cha msika wa Mponela: "Mu 2018 boma la Dowa linali ndi anthu 772,569." Nambala ya Ntchisi ndimaisunga m'thumba, kudikira woyamba kufunsa, ndipo salephera kupezeka.

Pamene pamafunika kusamala ndi Lachitatu. Lipoti likuti pakati pa 2008 ndi 2018 chiwerengero chinkakwera ndi 2.9 peresenti pa chaka. Malo akachepa, dzanja limathamangira kudula mawu akuti "pa chaka". Ukatero, mwana amamva kuti m'zaka khumi zonsezo anthu anangowonjezekera pang'ono, pamene zoona zake ndi zakuti anachoka pa 13 miliyoni n'kupitirira 17 miliyoni. Nambala ija ndi yoona ndithu, koma uthenga wasanduka bodza. Ndi bwino kuchotsa mawu okometsera kusiyana ndi kuchotsa chaka kapena muyeso.

Lachinayi ndi chithunzi cha minda yokwera m'phiri: "Mu 2018 pa sikweya kilomita imodzi pankakhala anthu 186, tikagawa mofanana dziko lonse." Mawu omalizawo ndi ofunikanso, apo ayi wina adzati ku Dowa n'chimodzimodzi ndi ku Likoma. Lachisanu ndimajambula mzere wa ana pa asembule: "Mu 2018 theka la Amalawi anali osakwana zaka 18. Munda wa kwanu mudzagawana anthu angati?" Funso limeneli likanakhala lopanda mphamvu Lolemba. Pofika Lachisanu amakhala ataona kale anthu akuchuluka, malo osakula.

Ndisanamate pepala, ndimaitana mwana wa Fomu 1 amene sanaone mapepala enawo, awerenge kenako andiuze m'mawu ake. Akafunsa kuti "Liti?" kapena "Kuti, aphunzitsi?", ndiye kuti ndadula mopitirira, ndipo ndimalembanso.

Inu amene munadutsa m'manja mwanga, kumbukirani kuti ziganizo zisanuzi si lipoti lonse. Za imfa, kusamuka ndi nyumba sizikwana pa bolodi. Zimenezo timatsegula lipoti lenilenilo m'kalasi sabata yotsatira.