Adokotala a Ambuya

Dzina lakuti adokotala ndinalilandira ndili mu Giredi 9, ndisanagwirepo ngakhale jekeseni. Analiyambitsa ndi ambuya a ku Katete atamva kuti ndaphasa bwino sayansi. Poyamba linali nthabwala cabe. Koma nthabwala ikakhalitsa m'nyumba imamera mizu. Pofika mu Giredi 12, atate anali kundiitana motero ngakhale pamaso pa anzao a ku chalichi ku Matero, ndipo ine ndinali kuyankha.

Zotuluka za mayeso a 2008 zinabwera ndi mapointi 8. Amene anapita m'masukulu athu adziwa kawerengedwe kace: atenga maphunziro asanu ndi limodzi amene unacita bwino koposa, naphatikiza magiredi ace, ndipo cifukwa cakuti 1 ndiye giredi yapamwamba, nambala ikacepa ndiye kuti zinthu zili bwino. Amene watenga 6 alibe wompambana. Ine ndinatenga 1 mu Cizungu, mu Cinyanja, mu mbiri yakale ndi mu bayoloje, ndi 2 mu masamu ndi mu sayansi. Palibe m'nyumba mwathu amene anafunsa kuti ma 1 aja agwera mbali iti. Anaona 8, ndipo 8 anatanthauza cipatala.

Sindifuna kunamizira makolo anga kuti anandikakamiza ndi cikwapu. Sanandikalipire ngakhale tsiku limodzi. Cikakamizo ca m'banja lathu cinali kubwera m'mbale. Cinali ciwalo cacikulu ca nkhuku cimene anali kundisiyira, ndi mlongo wanga amene anali kutsuka mbale pa tsiku langa kuti adokotala awerenge. Munthu ungatsutsane ndi mau okalipa, koma ndi ciwalo ca nkhuku utsutsana naco bwanji?

Cimene ambiri kwathu sanali kudziwa ndi cakuti panthawi ija mapointi a Giredi 12 sanali kulowetsa munthu ku udokotala. Pa UNZA unali kuyamba walowa m'sukulu ya sayansi, kumene unali kuphunzira bayoloje, kemisitiri, fizikisi ndi masamu pamodzi ndi gulu lalikulu la anzako, onse a mapointi ocepa ngati iwe. Pakutha pa caka mpamene anali kusankha, poona mamakisi, amene adzapitirira ndi za udokotala mpaka kukafika ku Ridgeway pafupi ndi UTH. Malo anali ocepa, ofuna anali ambiri. Ulendo wonse unali wa zaka 7. Za uloya nazo zinali ndi cipata cotere: caka coyamba m'sukulu ina, kusankhidwa pambuyo pace, ndipo ukatenga digiri uyenera kupitanso ku ZIALE usanaloledwe kuima m'khoti. Conco mwana amene banja layamba kale kumucha dokotala kapena loya amakhala akali kunja kwa mpanda.

Ndinalowa mu 2010. Boma linali kulipira gawo lalikulu la ndalama za sukulu, zimene tinali kuzicha basare ngakhale kuti inali nkhongole. Gawo lotsala linagwera banja. Atate anali atasiya kale nchito, conco amalume, mlongo wao wa amai, anagulitsa ng'ombe ziwiri zolimira. Anabwera okha ku Lusaka ndi ndalama zakale zija za mamiliyoni, atazimanga m'nsalu. Pondipatsa ananena mwambi umene tonse timaudziwa, wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukacenjera manja udya naye. Anaseka, ine ndinasekanso. Tsopano ndiona kuti mwa anthu onse a m'banja, amalume okha ndiwo ananena poyera cimene udokotala wanga unali.

Caka ca sayansi sindinacilephere. Ndinaphasa, koma mamakisi anga sanafike pa mzere wa osankhidwa. Tsiku limene maina anaikidwa pa bolodi, mnzanga wina anakhala pansi nalira. Ine ndinawerenga mndandanda kawiri, osapeza dzina langa, ndipo m'cifuwa munapepuka ngati ndatula thumba la cimanga. Ndinacita manyazi ndi kupepuka kumeneko, koma ndiko kunandiuza zoona. Caka conse cija kemisitiri ndinali kuiwerenga cifukwa ca mantha. Mabuku a nthano ndi a zinenero, amene panalibe wondifunsa mayeso, ndinali kuwawerenga mpaka usiku pakati osamva tulo. Lero ana a m'kalasi langa akandifunsa kuti adzadziwa bwanji cimene afunadi, ndimawafunsa za buku limene amatsegula pamene palibe amene awaona.

Ndinapempha kusamukira ku sukulu ya uphunzitsi kuti ndiphunzire zinenero ndi zolemba-lemba. Anandilola, koma ndinayambiranso caka coyamba. Mpaka pamenepo sindinalakwire munthu. Colakwa canga cinali cakuti kunyumba sindinanene.

Ndinadziuza kuti ndidzanena pa holide. Holide inafika, amai anapha nkhuku, ndinakhala cete. Amalume anatumanso ndalama za nshawa zao, ndinalandira. Bodza lotere silifuna mau ambiri. Atate akafunsa kuti maphunziro ayenda bwanji, ndinali kuyankha kuti ayenda bwino, ndipo zinali zoona. Ndinakhala motero kupitirira caka cathunthu.

Ambuya ndiwo anathetsa nkhaniyi, osadziwa. Maso ao anacita cifunga, ndipo ku cipatala ca kwao anawatuma ku Lusaka. Anafika ndi amalume pa basi ya m'mawa. Madzulo, titatha kudya, ambuya anamasula mfundo ya citenje, natulutsa kapepala kopinda-pinda kocokera ku cipatala, nandipatsa.

"Adokotala anga, tandiwerengerani. Aja a kuja akamba mothamanga. Inu mundiuze bwino-bwino, kodi ndidzaonanso?"

Nyumba yonse inandiyang'ana. Pa kapepala panali mau acidule a adokotala amene sindinawamve. Ndikanatha kunamizira, ndi kunena kuti tidzamva mawa. Koma nkhalamba ija inali kuyembekezera yankho la maso ace kwa munthu amene sabata lomwelo anali kulemba za magulu a maina m'Cinyanja.

"Ambuya, sindiphunzira za udokotala. Ndinaleka. Ndiphunzira uphunzitsi."

Amai anaimirira napita kukhichini, kumene kunalibe cocita. Atate anazima wailesi. Amalume anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa funso limodzi cabe.

"Kuyambira liti, mphwanga?"

Nditawauza, anawerenga pa zala. Sanali kuwerenga miyezi ai. Anali kuwerenga ndalama zimene ananditumira kucokera tsiku lija.

M'mawa mwace ambuya anapita ku cipatala ndi amai, ndipo amalume ananditengera kuseri kwa nyumba. Kwa Acewa malume ndiye mwini mbumba, ndipo nkhani ya mwana wa mlongo wace ili m'manja mwace koposa m'manja mwa atate. Ndinali nditakonza mau ambiri okhudza cikondi canga pa mabuku. Sanandipatse mpata wowanena. Anafunsa kuti uphunzitsi ndi wa zaka zingati. Ndinati 4. Anafunsa kuti zatsala zingati, ndi kuti mlongo wanga adzatsiriza liti Giredi 12, ndi kuti ngati ndidzakhala nditayamba kulandira malipiro iye akamafuna kulowa ku koleji. Tinawerengera pamodzi pansi ndi kamtengo. Zinaoneka kuti pa uphunzitsi, ngakhale nditataya caka cimodzi, ndidzatsiriza zaka ziwiri patsogolo pa tsiku limene ndikanatsiriza udokotala.

"Nanga cinakuvuta n'ciani kubwera kudzandiuza zimenezi ng'ombe yaciwiri ikali m'khola?"

Ndinalibe yankho, ndipo mpaka lero ndilibe. Ndinali kuganiza kuti banja lifuna ulemerero wa dzina, ndipo ulemerero sungakambirane nao. Koma pansi pa dzina lija panali mantha amene anali ndi nambala: ndani adzalipirira mwana wotsatira, ndani adzadziwa khomo la cipatala wina akadwala, ndani adzagula bokosi pa maliro. Mantha otere munthu angathe kukhala nao pansi ndi kuwayankha limodzi-limodzi. Ine ndinawathawa cifukwa sindinawafunse dzina.

Atate anali osiyana. Kwa iwo dzina linali ndi kulemera kwace, cifukwa anali atalinena kale kwa anthu. Anakhala miyezi ingapo osandiitana dzina lililonse, ngakhale langa lobadwa nalo. Amalume ndiwo anakamba nao, usiku, ine kulibe. Sindidziwa zimene anakambirana. Ndidziwa cabe kuti mau amenewo akanacokera pakamwa panga akanamveka ngati mwano.

Ndinene zoona zina, kuti wina asaganize kuti ndinapambana mlandu. Masamu a kamtengo aja sanayende monga tinawerengera. Ndinatenga digiri mu 2015, koma nchito ya boma sinabwere. Zaka zambiri ndinaphunzitsa pa kasukulu ka munthu wina m'komboni, malipiro akubwera mwezi uno, mwezi wamawa osabwera. Mlongo wanga anakhala panyumba zaka ziwiri asanalowe ku koleji, ndipo pa zaka ziwirizo gawo langa lilipo. Ndinalowa m'boma mu 2022, pamene analemba aphunzitsi opitirira 30,000 nthawi imodzi. Nkhongole ya basare ija nayo inandipeza, amaidula pa malipiro mwezi ndi mwezi. Atate akanafuna kunena kuti ananena, akananena. Sananene.

Caka catha mtsikana wina wa m'kalasi langa anatsalira anzace atatuluka. Atate ace afuna akhale loya, iye afuna za ulimi, ndipo anali atakonza kale zakuti pa fomu adzalemba zace mwakabisira. Sindinamuuze kuti atsate mtima wace, pakuti mau amenewo ndi osavuta kwa munthu amene sadzalipira. Ndinamfunsa kuti ndani adzatulutsa ndalama, ndi kuti ndani m'banja amene atate ace amamumvera. Anati azakhali ace a ku Chilenje. Ndinamuuza kuti alembe pa pepala zaka za maphunziro onse awiri, zipata zimene zili panjira iliyonse, ndi kumene nchito imapezeka, apite nalo kwa azakhaliwo fomu isanalembedwe. Anandiyang'ana ngati ndamugwiritsa mwala. Anali kufuna mphunzitsi womuthandiza kubisa. Pepala analemba, koma ngati analipereka sanandiuze.

Ambuya anawacita opaleshoni diso limodzi, ndipo anaona nalo zaka zina zisanu. Mpaka imfa yao sanaleke kundicha adokotala, ndipo ine ndinaleka kuwawongolera. Mu 2023 ndinasonkhanitsa ndalama zogulira ng'ombe imodzi, ndinapita nazo ku Katete. Amalume anakana kawiri monga mwa ulemu, kacitatu analandira. Pa Khirisimasi ndinaipeza m'khola, yakuda ya banga loyera pamphumi. Mnyamata woweta anali kuikalipira kuti ituluke.

"Dokotala! Iwe Dokotala, tiye!"

Ndinayang'ana amalume. Iwo anali kuyang'ana kumwamba, ngati aona za mvula. Yaciwiri ndikali kusonkhanitsa.