Kalata ya ku Limbe

Kalatayo inandipeza mu Meyi 2024, nditatha zaka 11 ndili kalaliki pa kampani ina yogulitsa katundu mopikulitsa pa boma la Mangochi. Inachokera ku kampani ina ya ku Limbe, kumene ndinakayesedwa mafunso mwakachetechete pa tsiku langa la tchuthi. Ankandiitana pa malipiro a K400,000 pamwezi. Ine pa nthawiyo ndinkalandira K280,000, ndipo nambala imeneyi inali isanasunthe kuyambira mu 2022.

Amene anali pa ntchito ya pamwezi m'zaka zimenezo akudziwa tanthauzo la malipiro osasuntha. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Ife a mu holoselo tinkaziona tisanaziwerenge mu nyuzipepala, pakuti ndine ndinkasintha mitengo ya shuga, sopo ndi mafuta ophikira m'mabuku a kampani. Dzanja lomwe linkakweza mitengoyo masana ndi lomwenso linkapisa m'thumba madzulo n'kupeza kuti sizikukwana.

Komabe sindinapemphepo kukwezeredwa malipiro. Ndinakulira m'nyumba imene kutchula ndalama pamaso pa wamkulu kunali kusowa khalidwe, ndipo ndinkadziuza kuti riziki amagawa ndi Allah, tsono wodandaula ndi malipiro akudandaula ndi gawo lake. Maganizo amenewa anandithetsera ndi amalume anga, amene anaphunzitsa madarasa kwa Mponda zaka zambiri. Nditawafotokozera, anandikumbutsa nkhani ya Mneneri Musa, mtendere ukhale pa iye, mu Sura ya 28 ya Kurani: atafika ku Madiyani analembedwa ntchito, ndipo asanayambe panatchulidwa poyera chimene adzapatsidwe ndi zaka zimene adzagwire, zisanu ndi zitatu, kapena khumi ngati iye mwini atafuna. "Mphwanga," anatero amalume, "ntchito ya malipiro ndi mgwirizano wa anthu awiri. Bwana wako sakupatsa sadaka, ndipo iwe sukupempha sadaka. Chimene ndikuletse n'chimodzi chokha: usakaname."

Ndinaseka pomva zimenezo, koma m'mtima ndinachita manyazi, chifukwa bodzalo ndinali nditalikonza kale. Ndinkafuna kukauza bwana kuti ku Limbe andilonjeza K450,000 ndipo ndanyamuka mwezi wamawa.

Usiku umenewo ine ndi mayi a kunyumba tinakhala pa mkeka ndi kope la mwana la masamu. Iwo ndi amene anafunsa funso limene ine, kalaliki wa zaka 11, sindinadzifunse: "Abambo, pa K400,000 imeneyi, zofika m'nyumba muno ndi zingati?"

Tinawerengera motere. Kuyambira mu Epulo chaka chimenecho, K150,000 yoyamba ya malipiro sinkadulidwa msonkho, ndipo yotsatira, kufikira K500,000, inkadulidwa 25 peresenti. Kuwonjezera apo, lamulo la penshoni limati wantchito azisonkha 5 peresenti ya malipiro ake, olemba ntchito n'kuikapo 10 peresenti. Pa K280,000 yanga, msonkho unkatenga K32,500, penshoni K14,000, ndipo ndinkatsala ndi K233,500. Pa K400,000 ya ku Limbe, msonkho ukanatenga K62,500, penshoni K20,000, n'kutsala K317,500. Kusiyana kwa pa kalata kunali K120,000, koma kusiyana kwa m'thumba kunali K84,000. Kwa munthu wa malipiro a msinkhu wanga, pa K100 iliyonse yowonjezeredwa, yofika kunyumba inali K70.

Kenaka tinaika mbali inayo. Kuno ku Mangochi tikukhala m'nyumba yathuyathu, ngakhale kuti chipinda chimodzi chilibe pulasitala mpaka lero. Ku ntchito ndimapita pa njinga. Chimanga cha miyezi ingapo chimachokera ku munda wa mayi a kunyumba, ndipo usipa timagula kwa anthu otidziwa. Mnzanga wa ku Bangwe atandifufuzira, nyumba yoti n'kukwana banja langa anaipeza ya K70,000 pamwezi, ndipo minibasi yopita ndi kubwera ikanandidyera pafupifupi K40,000. Zinthu ziwiri zokhazo zinameza K84,000 ija n'kupitirira, tisanagule thumba la ufa ndi limodzi lomwe. Njira ina inali yoti ndipite ndekha, ndikachite lendi chipinda chimodzi, banja litsale. Mayi a kunyumba sanayankhe kanthu pa mfundo imeneyi. Anangotseka kope lija, ndipo ndinamva.

Panalinso zinthu zina zosaoneka pa pepala la malipiro. Kalata ya ku Limbe inkati ndidzayamba ndi miyezi isanu ndi umodzi yoyesedwa, ndipo lamulo la zantchito la 2000 limalola kuti mkati mwa nthawi yotereyi mbali iliyonse ithetse mgwirizano popanda notisi. Munthu wa ana anayi amawerenga mzere wotere kawiri. Zaka zanga 11 nazonso zinali ndi mtengo: kampani itachepetsa antchito, ndalama zotsanzikira zimawerengedwa potengera zaka zimene munthu wagwira, koma wosiya yekha ntchito salandira zimenezo, ndipo kumene wapitako amakayambira pa ziro. Penshoni yokha ndiyo imamutsatira munthu. Ndipo panali Lachisanu. Kuno ofesi imadziwa kuti nthawi ya Juma ndimatseka kabati n'kupita ku mzikiti, palibe anandifunsapo. Ku Limbe nditafunsa za zimenezi pa mafunso paja, anandiyankha kuti tidzaona. Mawu akuti "tidzaona" ndawalemba m'makalata a kampani kambirimbiri, ndipo ndikudziwa kulemera kwake.

Tsono ndinapezeka pa malo ovuta. Kalata inali yoona, koma ine sindinkafuna kupita. Anzanga ambiri amalangiza kuti kalata yotere ndi chikwapu chowopsezera bwana. Ine ndinaonapo mapeto a njira imeneyo. Mnyamata wina wa ku sitolo yathu anawopseza kuti achoka, bwana n'kumuyankha mwaulemu kuti amufunira zabwino zonse ndipo alembe notisi. Analibe kopita kwenikweni. Kuwopseza kuti uchoka kumagwira ntchito pokhapokha katundu wako atamangidwa kale, ndipo wanga anali asanamangidwe. Ndinaswali Isitikhara, ndipo m'masiku otsatira mtima unakhazikika pa kukhala, koma osati kukhala chete.

Ndinatenga sabata yathunthu kulemba pepala limodzi. Sindinalembemo za mtengo wa shuga kapena fizi ya ana, pakuti mavuto amenewo ali ndi wantchito aliyense, ndipo bwana akakukwezera chifukwa cha shuga ayenera kukwezera onse. N'chifukwa chake amakana. Ndinalembamo zimene zinasintha pa ntchito yanga. Kalata imene anandilembera nayo ntchito mu 2013 inkatchula kulemba malisiti, kusunga mafayilo ndi kuyankha makalata. Koma wothandizira akauntanti atachoka mu 2021 sanalembenso wina, ndipo ntchito zake zinagwera pa tebulo langa mmodzimmodzi: kukonza malipiro a antchito 23, kuonetsetsa kuti msonkho wa pa malipiro wafika ku bungwe lotolera msonkho pasanadutse pa 14 mwezi uliwonse, kukonza mapepala a msonkho wa pa katundu pasanadutse pa 25, ndi kufananitsa mabuku athu ndi sitetimenti ya ku banki. M'zaka zitatu zimenezo kampani sinalipitsidwepo chindapusa cha kuchedwa. Ndinalembanso za ngongole zakale za masitolo a ku Namwera ndi ku Makanjira zimene ndinazilondola mpaka zinabwezedwa. Pansi pake ndinaika nambala imodzi: K370,000.

Nthawi nayonso ndinaisankha. Kumapeto kwa mwezi bwana amakhala ndi nkhope ya munthu amene akutulutsa ndalama, ndipo Lolemba m'mawa amakhala ndi madalaivala. Ndinapempha mphindi khumi ndi zisanu Lachitatu lina masana, mabuku a mweziwo atatsekedwa bwino.

"Bwana," ndinatero, "ndabwera kudzapempha kuti muonenso malipiro anga, ndipo zifukwa zake zili pa pepala ili. Ndikuuzeninso chinthu china kuti musachimve kwa ena. Ku Limbe andiitana pa K400,000, kalata yake nayi. Sindinabwere kudzakuwopsezani nayo. Ndawerengera, ndipo mtima wanga uli pa kukhala kuno. Ndakusonyezani kuti muone mtengo umene ena aika pa ntchito imene ndikugwira."

Anawerenga mapepala onse awiri pang'onopang'ono. Kenaka anandifunsa kuti, "Akalaliki, ngati simukuchoka, ine ndikwezerenji?"

Funso limenelo ndi mtengo wa kunena zoona, ndipo ndinali nditaliyembekezera. Ndinayankha kuti lero sindikuchoka chifukwa masamu a ku Limbe sakutuluka, koma tsiku limene kalata yotere idzachokere pa Mangochi pompano masamuwo adzatuluka, ndipo kulemba munthu wina wodziwa zonse zili pa pepalalo kudzadya ndalama zoposa zimene ndikupempha. Nditatero ndinakhala chete. Ichi chinali chovuta koposa zonse. Lilime linkafuna kunena kuti ngakhale pang'ono pokha ndilandira, ndipo ndikanangotero ndikanadzitsitsira ndekha mtengo bwana asanatsegule pakamwa.

Anati ayankha pakatha sabata. Inatha milungu itatu, ndipo m'milungu imeneyo moni wake unafupika. Tsiku loyankha ku Limbe linafika ndisanamve kanthu, ndipo ndinalemba kalata yokana ntchitoyo manja ali njenjenje, podziwa kuti ndatsala wopanda chogwira.

Yankho litabwera linali K340,000. Ndikuvomereza kuti ndinakhumudwa, ndipo mpaka lero ndimaganiza kuti ndikananama za K450,000 n'kunamizira kumanga katundu, mwina ndikanapata zambiri. Mwinanso ndikanauzidwa kuti ndilembe notisi. Ndinalandira, koma ndinapempha zinthu ziwiri zosadya ndalama tsiku limenelo: kuti dzina la udindo wanga lisinthe kukhala wothandizira akauntanti, pakuti ndilo lidzawerengedwe ndikadzafunsira ntchito kwina, ndiponso kuti zonse zilembedwe m'kalata yosainidwa, yotchula mwezi umene malipiro adzaonedwenso. Lonjezo la pakamwa mu ofesi limatha tsiku limene wolonjezayo wasamutsidwa kapena waiwala. Bwana anang'ung'udza pang'ono, koma anasaina, ndipo kalatayo ndinaitayipa ndine ndemwe.

Pa mapeto a Julayi pepala la malipiro linasonyeza K275,500 yopita kunyumba, kuposa kale ndi K42,000, theka lenileni la zimene Limbe ikanawonjezera, koma lopanda lendi ndi minibasi. Mayi a kunyumba analitenga, n'kuliyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatulutsa kope la masamu lija n'kulemba pa tsamba latsopano mtengo wa matumba asanu a simenti.