Dzina Limodzi Kapena Mayina Angapo: Zomwe Ndaphunzira pa Ntchito Yotcha Malonda Mayina

Ntchito yanga ndi yothandiza makampani kutcha katundu wawo mayina ndi kujambula malebulo ake. Ambiri amandidziwa ngati wojambula, koma kujambulako kumabwera kumapeto. Chomwe chimandisowetsa tulo ndi funso lomwe limadza kampani ikayamba kukula: kodi katundu watsopanoyu atenge dzina lomwe anthu akulidziwa kale, kapena apatsidwe lakelake? Yankho lake likalakwika, lebulo yokongola siingawombole bizinesiyo.

Njira zikuluzikulu zilipo ziwiri, ndipo zonse timaziona tsiku ndi tsiku. Ina ndi ya dzina limodzi lokuta zonse. Airtel imagulitsa mayunitsi ndi mabandulo pa dzina lomwelo, ndipo itayamba ntchito yotumiza ndalama pa foni inangoti Airtel Money. Ina ndi yoti katundu aliyense aziima payekha. Mayi wogula Sunlight, Lifebuoy kapena Vaseline safunsa za Unilever, ngakhale kuti zonsezi ndi za kampaniyo. Pakati pa ziwirizi pali njira yachitatu: katundu amakhala ndi dzina lake, koma la kholo limaima pambali ngati mboni, monga momwe Mpamba imayendera limodzi ndi TNM.

Kusankha pakati pa njirazi ndinakumvetsa bwino pa ntchito yomwe ndinagwirira kampani ina yapabanja yopanga chiponde. Eni ake anali mayi wachikulire ndi mwana wawo wamwamuna. Chiponde chawo chinkadziwika ndi dzina la malemu agogo a mnyamatayo, ndipo chinkayenda malonda chifukwa anthu ankati n'cha mtedza wosankhidwa bwino, chosanunkha chuku. Atagula makina oyengera mafuta, anabwera kwa ine ndi zinthu zitatu zatsopano: mafuta ophikira, sopo wamtanda wochapira, ndi chiponde chotchipa cha m'timapaketi. Mwanayo ankafuna mayina atatu atsopano, monga amachitira makampani akuluakulu. Mayiwo anandiuza kuti, "Bambo, dzina la amayi anga ndilo latifikitsa pano. Liikeni pa chilichonse."

Sindinayankhe tsiku lomwelo. Ndinayamba ndi chomwe ndimayamba nacho nthawi zonse: kukakhala m'magolosale ndi m'maokala, n'kumamvetsera momwe ogula akuitanitsira katunduyo. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa wogula wonena kuti "ndipatseni chiponde" ndi wotchula dzina lenileni. Woyambayo atenga chilichonse chomwe wogulitsa angamupatse, ndipo zikatero ndiye kuti dzinalo lilibe mphamvu yoti n'kubwereka katundu wina. Apa ndinapeza kuti ogula ankatchula dzinalo, ndipo likasowa ena ankachoka osagula. Kenako ndinafunsa amayi angapo kuti akamva dzinalo amaganiza chiyani. Mayankho awo anazungulira pa mfundo imodzi: chakudya chaukhondo choti mwana adye popanda nkhawa. Limeneli ndilo linali lonjezo la dzinalo, ndipo katundu aliyense watsopano ndinamuyeza pa lonjezo limeneli.

Mafuta ophikira sanandivute. Wogula ndi yemwe uja, malo ake ndi kukhitchini komwe kuja, ndipo chomwe akufuna kumva n'chakuti mafutawo ndi aukhondo. Ndinawalangiza kuti atenge dzina la agogo lija, mtundu wa chivindikiro womwewo ndi zilembo zomwezo, kungosintha mawu ofotokoza za m'botolomo. Phindu lake linaoneka msanga: ogulitsa m'magolosale analandira makatoni oyamba osanyinyirika, chifukwa dzinalo linali litawapezetsa kale ndalama.

Pa sopo ndipo panali mkangano. Ndinasindikiza malebulo awiri oyeserera, ina ya dzina la chiponde ndi ina ya dzina lachilendo, n'kukulunga mitanda ya sopo yofanana. Amayi omwe ndinawaonetsa ankati akaona dzina la chiponde pa sopo amakwinya nkhope. Mmodzi anandifunsa kuti, "Ndiye kuti sopoyu ndi chiponde chija akupangira malo amodzi?" Funso limenelo linandikwanira. Vuto silinali lakuti sopo sagulidwa, koma lakuti sopoyo akanadetsa chiponde m'maganizo a anthu. Sopo amapangidwa ndi mankhwala oyabwa, ndipo wina khungu likamusupuka m'manja n'kuyamba kudandaula, dandaulolo likagwera dzina lomwe lili pa botolo la chakudya cha ana. Akuluakulu anati nsomba ikawola imodzi, zonse zawola. Pa dzina limodzi, katundu yense ali m'dengu limodzi. Sopo tinamupatsa dzina lake, mitundu yake, ndipo dzina la kampani linangolembedwa kumbuyo m'zilembo zazing'ono, pamalo osonyeza wopanga ndi keyala yake.

Chiponde chotchipa chinandikumbutsa cholakwa chomwe ndinachita zaka zam'mbuyo pa kampani ina ya ufa wa phala. Iwo anatulutsa ufa wotsikirako ubwino, wa mtengo wotsika, ndipo ine ndinauika pa dzina lomwelo n'kungosintha mtundu wa paketi. Patapita miyezi ingapo, matumba ogulitsidwa onse pamodzi sanachuluke kwenikweni, koma ndalama zolowa zinatsika. Ogula akale aja ndiwo anasamukira ku wotchipawo, poganiza kuti ndi ufa womwewo. Ataona kuti phala lake silikoma ngati kale, anayamba kunena kuti kampaniyo yaononga ufa. Chizindikiro cha vutoli n'chosavuta kuchiona ngati ukuwerenga mabuku a malonda: watsopano akukwera, wakale akutsika ndi muyezo wofanana, m'masitolo omwewo. Ukaona zotere, dziwa kuti sunapeze ogula atsopano, wangodzilanda wekha.

Choncho ndinafunsa mayi aja funso limodzi: kodi chiponde cha m'timapaketi n'chomwecho chomwe chili m'botolo, kapena n'china? Mwanayo anavomera kuti ankafuna kugwiritsa ntchito mtedza wa giredi yotsika kuti mtengo utsike. Ndinawauza kuti njira zilipo ziwiri. Ngati ndi chiponde chomwecho m'kapaketi kakang'ono, chitenge dzina la agogo, chifukwa kuchepa kwa paketi sikuphwanya lonjezo. Ngati n'cha mtedza wina, chisayandikire dzinalo. Makampani akuluakulu amachita chimodzimodzi akafuna kukwera kapena kutsika pa mtengo: Toyota itafuna kugulitsa galimoto zapamwamba kwa anthu olemera ku Amereka mu 1989, inazitcha Lexus, podziwa kuti dzina limodzi silinganyamule mitengo yotalikirana kwambiri. Mayiwo anasankha kuika chiponde chenicheni m'timapaketi. Anati mtedza wokayikitsa sudzalowa m'fakitale mwawo pa dzina lililonse.

Mwanayo sanakhutire msanga. Anati, "Achimwene, nanga a Unilever bwanji ali ndi mayina ambirimbiri ndipo zikuwayendera?" Ndinatenga pepala n'kumuwerengera. Tiyerekeze kuti ndalama zanu zikukwana kulengeza malonda pa wailesi maulendo 60 pa mwezi. Dzina likakhala limodzi, anthu alimva maulendo 60. Mayina akakhala anayi, lililonse limveka maulendo 15 okha, kamodzi pa masiku awiri, ndipo palibe lomwe likhazikike m'mutu mwa munthu. Onjezerani kuti dzina lililonse lifuna malebulo ake ndi makatoni ake, ndipo osindikiza salola oda yaing'ono, motero ndalama zimagona m'nyumba yosungira katundu ngati mapepala. Galimoto yoperekera katundu ilembedwa dzina liti? Wogulitsa wanu akafika pa golosale ayamba kufotokoza liti? Dzina lili ngati mwana: kubereka n'kosavuta, koma liyenera kudyetsedwa tsiku lililonse. Unilever ili ndi nkhokwe yodyetsera ana ambiri. Kampani yomwe ikungoyamba kukula iyenera kubereka okhawo amene ingathe kuwalera. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Pali gawo lina lomwe eni makampani amaiwala, la kulembetsa dzina. Ku ofesi yolembetsa mayina a malonda dzina sililembetsedwa pa katundu yense nthawi imodzi, koma m'magulu otchedwa makalasi, omwe alipo 45 pa ndondomeko yomwe maiko ambiri amatsata. Chiponde ndi mafuta ophikira zili m'kalasi 29, ufa uli m'kalasi 30, sopo wochapira ali m'kalasi 3, chakudya cha ziweto chili m'kalasi 31. Izi zikutanthauza kuti ngakhale amene wasankha dzina limodzi ayenera kuonetsetsa kuti dzinalo latetezedwa m'kalasi ya katundu watsopanoyo. Ine sindijambula lebulo yomaliza kufufuza kusanachitike, chifukwa kupeza kuti dzina lili ndi mwini wake makatoni atasindikizidwa kale n'kutaya ndalama zambiri. Kwa banja lija, mafuta anagwera m'kalasi imodzi ndi chiponde, koma tinaonabe ngati mndandanda wa katundu womwe analembetsa poyamba unatchula mafuta. Dzina la sopo linafuna pempho lakelake.

Ndinawauzanso chinthu chimodzi chokhudza mtsogolo. Katundu wokhala ndi dzina lakelake savuta kumugulitsa kwa kampani ina, kapena kumusiya akalephera, osakhudza enawo. Unilever inagulitsa bizinesi yake ya majarini mu 2018, kuphatikizapo Blue Band, ndipo ogula anapitiriza kuitanitsa Blue Band ngati kale. Sopo wa banja lija akadzavuta, angathe kumugulitsa kapena kumutseka dzina la agogo lili chiimire. Mafuta sangawagulitse choncho, chifukwa wogulayo angafune ndi dzina lomwe, ndipo dzinalo si logulitsa.

Pamapeto pake kampaniyo inatsala ndi mayina awiri m'malo mwa limodzi lomwe ankafuna mayi kapena anayi omwe ankafuna mwana. Dzina la agogo linakhala pa zonse zolowa m'kamwa: chiponde cha m'botolo, cha m'timapaketi, ndi mafuta. Sopo anaima payekha. Tinalemba lamulo lalifupi pa tsamba limodzi loti aziyezerapo katundu aliyense wobwera: kodi wogula ndi yemweyo, kodi lonjezo ndi lomwelo, kodi akalakwika adzapweteka enawo, ndipo kodi tili nazo ndalama zolerera dzina lina?

Patapita chaka mwanayo anandiimbira foni. Anati akufuna kugulitsa zotsalira poyenga mafuta ngati chakudya cha nkhuku. Ndisanayankhe, anapitiriza yekha: "Ndayang'ana pa tsamba lija. Wogula ndi mlimi wa nkhuku, si mayi wa kukhitchini, ndipo sindikufuna dzina la agogo pa thumba la m'khola. Koma ndalama za dzina lachitatu tilibe. Tiyamba ndi matumba ongolemba za m'katimo ndi keyala ya fakitale, tizigulitsa kwa alimi omwe akutidziwa kale." Ndinamuuza kuti ndikanamulangiza chomwecho, ndipo tsiku limenelo sindinajambule kanthu.