Zomwe ndimauza mnyamata asanakwere boti

Ndili ndi chilimira pa gombe la Ngara, kumwera kwa boma la Karonga, ndipo alovi ndimalemba ndekha. Anyamata ofuna ntchito amabwera ataona ndowa za usipa zikutsika m'mawa, choncho m'mutu mwawo muli ndalama zokhazokha. Ntchito yanga poyankhula nawo ndi kuwaonetsa usiku umene sanauone.

Ndimayamba ndi malipiro, ndipo ndimalemba pamchenga. Kuno kulibe salale ya pamwezi, timagawana. Ndimati, "Aphwanga, tinene kuti tapha ndowa 20, iliyonse tagulitsa K15,000. Ndi K300,000. Tichotsepo K100,000 ya petulo wa injini ndi kutchajitsa nyali. Pa K200,000 yotsalayo theka ndi langa, chifukwa ukonde ukang'ambika wosoketsa ndine. Theka linalo mugawana anthu khumi, aliyense K10,000." Apa nkhope imawala. Ndiye ndimafufuta n'kulembanso: ndowa zisanu zokha, K75,000. Petulo sanabwezedwe, palibe wolandira kanthu kupatula ndiwo, ndipo K25,000 yoperewerayo tidzaichotsa pa nsomba za mawa. Ngongole imeneyi ndi imene eni zida ambiri amabisa, ndipo ndi imene imadzabutsa ndewu pagombe. Kwa ine, kuibisa n'kumubera munthu asanagwire n'chingwe chomwe.

Kenako ndimawerenga masiku opanda ntchito. Mwezi ukawala kwambiri usipa susonkhana pa nyali za siginala, ndiye timakhala pamtunda pafupifupi sabata. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti mwera umatha kutitsekera masiku angapo motsatizana. Amene ali ndi lendi kapena ana kusukulu ayenera kumva zimenezi lero, akadali ndi mpata wobwerera kukalima mpunga ku Hara kapena ku Wovwe.

Za thupi sindizikometsa. Timanyamuka dzuwa likulowa, kubwera kutacha. Chingwe chimasupula zikhatho sabata zoyambirira, zovala sizimauma, ndipo mphepo imatha kusintha tili kutali ndi mtunda. Anthu amamira m'nyanja ino. Ndimafunsa ngati amadziwa kusambira, koma yankho la pakamwa sindilikhulupirira: timapita pamadzi andionetse.

Woyankha mofulumira kuti "zonsezo ndi zazing'ono, bwana" amandidetsa nkhawa, chifukwa nthawi zambiri sanamve chilichonse. Ndimamuuza abwereze yekha masamu a ndowa zisanu aja. Wofunsa kuti ndani amawerenga ndowa pogulitsa, ameneyo wamvetsa, ndipo ndimamuyankha kuti mlovi mmodzi wosankhidwa ndi anzake amaima pambali panga ndalama zikamalandiridwa.

Sindilola munthu kuvomera tsiku lomwelo. Akagone, akakambirane ndi akunyumba kwake. Akabwerera amayesa usiku umodzi, gawo lake n'kulandira lathunthu ngati wina aliyense, ndipo tikagwirizana timalemba kagawidweko m'kope, tonse n'kusaina pamaso pa mkulu wa komiti ya pagombe.